Akuti m'ndakatulo yanga ya amayi mulibe amayi

MwanaWaKuKapata

Moni nonse a pagulu lino. Mwezi wamawa tidzaika mwala pa manda a amayi anga, ndipo abale anandipempha kuti ndidzalakatule ndakatulo pa mwambowo. Ndinailemba, ndipo ndinakaonetsa amalume anga amene anaphunzitsapo Chinyanja kusekondale. Iwo ataiwerenga anangoti, "Mphwanga, walemba bwino, koma mlongo wanga mulibemo umu." Mawuwa anandipweteka, chifukwa ndinailemba ndikulira. Ndime yoyamba ndi iyi:

Chikondi chanu, amayi, chinali chozama,
Chikondi chopanda malire.
Munatipatsa chiyembekezo ndi mtendere,
Lero chisoni chadzaza mitima yathu.

Amalume akuti ndichotsemo chikondi, chiyembekezo, mtendere ndi chisoni. Ndikachotsa mawu amenewa, kodi chotsala n'chiyani? Ndithandizeni, chifukwa sindikuona cholakwa.

Wapanjinga

Palibe cholakwa. Ndakatuloyo ndi yabwino, ndipo anthu adzalira.

AphunzitsiOpuma

Pepani ndi maliro a amayi, ngakhale kuti papita nthawi. A Wapanjinga anena zoona kuti anthu adzalira, koma adzalira chifukwa aima pamanda, ndipo angalire ngakhale mutangowerenga maina a ana a malemuwo. Funso la amalume anu ndi lina, ndipo pali njira yosavuta yoliyesera. Chotsani mawu akuti "amayi" mu mzere woyamba, muikepo "atate". Ndime yonse ikhala bwinobwino. Ikanipo "abusa", kapena "mkazi wanga", kapena "amfumu", ndipo palibe mzere umene ungakane. Ndakatulo imene ingalakatulidwe pa manda a munthu aliyense kuchokera ku Chadiza mpaka ku Lundazi sinagwire munthu wanu, ndipo n'zimene amalume anu akutanthauza.

Chifukwa chake n'chakuti mawu ngati chikondi ndi dzina limene timapatsa zinthu zambirimbiri zosiyana titazisonkhanitsa pamodzi. Inu mukamalemba mawuwa, m'mutu mwanu mukubwera nkhope ya amayi, liwu lawo, ndi zimene ankachita, ndiye mumamva ngati zonsezo zalowa pa pepala. Koma pa pepala palowa zilembo zokha, ndipo womvera sangaone zimene zatsala m'mutu mwanu. Zili ngati kum'patsa munthu thumba lopanda kanthu lolembedwa kuti chimanga, inu mukukumbukira munda wonse.

Musanachotse kanthu, ndiyankheni izi mosakometsera. Amayi ankagwira ntchito yanji? Ndi chiyani chimene ankachita ndi manja awo chimene simunaonepo mayi wina akuchita chimodzimodzi? Ndi mawu ati amene ankakonda kunena?

Kanjala_Pamwamba

Ine ndikuganiza kuti vuto ndi lakuti mawuwa ndi wamba. Ndakatulo imafuna Chichewa chakuya, chimene akulu ankalankhula. Funani mawu achikale amene achinyamata a m'tauni sawadziwa, ndipo muikemo miyambi iwiri kapena itatu.

NaPhiri_Katete

A Kanjala, nkhani si kuya kwa mawu. Mutapeza liwu lachikale lotanthauza chikondi, lidzakhalabe losaoneka, ndipo mudzaonjezera vuto lachiwiri lakuti theka la anthu pamandapo sadzalimva. Koma mwatchula miyambi, ndipo pamenepo pali phunziro limene mwina simunafune kunena. Makolo pofuna kunena za mgwirizano sanatchule mgwirizano, anati mutu umodzi susenza denga, ndipo aliyense amene anathandizapo kukweza denga la nkhokwe amamva kulemera kwake m'khosi. Pofuna kunena kuti chabwino chimadza ndi mavuto ake anati walira mvula walira matope. Muli mutu, denga, mvula ndi matope, zonse zogwirika. Tiphunzire kapangidwe kake, osati kungotola miyambiyo n'kuimata m'ndakatulo ya maliro.

MwanaWaKuKapata

Aphunzitsi, ndiyankhe mafunso anu, ngakhale sindikuona kuti zimenezi zingalowe bwanji m'ndakatulo. Amayi ankagulitsa tomato ndi anyezi mu msika wa Kapata kuno ku Chipata kwa zaka zambiri. Ankadzuka kusanache kukapikula, ndipo madzulo ankabwera ndi tomato wophwanyika amene anthu anamukana, ndiye amene tinkathira m'ndiwo. Sindikumbukira tikudya tomato wabwino kunyumba. Ndalama ankamanga pa nsonga ya chitenje, mfundo ziwiri, ndipo pomasula ankagwiritsa ntchito mano chifukwa zikhadabo zawo zinali zitatha. Tinali ana asanu. Ufa ukachepa ankaphika nsima, n'kutigawira, ndipo tikawafunsa kuti nanga inu, ankati, "Ndadya kale kumsika." Ndinakhulupirira zimenezo mpaka nditafika giredi 9, pamene ndinawapeza usiku akupala mphika n'kudya makoko a nsima ataima kuseri kwa chitseko.

Koma zimenezi ndi zaumphawi, ndipo pa mwambowo padzakhala alendo. Kodi si kuwachititsa manyazi malemu?

Chikumbe_wa_Chadiza

Ndawerenga kawiri zimene mwalembazi, ndipo zandikhudza kuposa ndime ija. Amayi anganso ankanena bodza lomwelo.

AphunzitsiOpuma

Mwaona zimene a Chikumbe anena. Inu simunatchule chikondi m'yankho lanu lonse, koma munthu wa ku Chadiza amene sanawaonepo amayi anu wakumbukira amayi ake. Izi zimadabwitsa olemba ambiri oyamba kumene, chifukwa amaganiza kuti mawu aakulu ndiwo amafikira anthu onse, pamene zinthu za m'nyumba mwawo n'zawo okha. Zimachitika mosiyana. Womvera akaona mayi ataima kuseri kwa chitseko ndi mphika, amadzigamulira yekha kuti uku ndiko kukonda ana, ndipo chimene munthu wagamula yekha amachikhulupirira kuposa chimene wauzidwa.

Tsopano tigwire mzere umodzi umodzi. "Chikondi chanu chinali chozama" ndi chigamulo, ndipo umboni wake ndi bodza lija la kumsika. Lembani umboniwo, chigamulo musiyire womvera. "Munatipatsa chiyembekezo" akubisa chinthu chimene anakupatsani m'manja, ndipo ndikuganiza kuti chinatuluka mu mfundo ya chitenje ija. Dzifunseni kuti mfundoyo inamasulidwa liti chifukwa cha inu, ndipo ndalamazo zinagula chiyani. "Chisoni chadzaza mitima yathu" ndiye mzere wovuta kwambiri, chifukwa chisoni chimaoneka pa zimene munthu akuchita kapena akulephera kuchita lero. Kodi mukadutsa mu msika wa Kapata masiku ano mumatani? Ndiyese kuyamba, koma musatenge mawu anga, chifukwa amayiwo ndi anu:

Tomato wabwino munagulitsa kwa alendo,
Wophwanyika munabwera naye kwathu.
Ufa utachepa munati, "Ndadya kale kumsika,"
Ndipo ife asanu tinakhulupirira.

Za manyazi sindingakugamulireni. Inu ndinu mukudziwa abale anu, ndipo ndi bwino kufunsa akulu a m'banja musanalakatule. Ndinganene chabe kuti amayi amene ankagulitsa nawo akadzabwera, adzamva mzere wa tomato ngati ulemu, chifukwa nawonso amatero.

Mlakatuli_wa_Mchini

Ndikugwirizana ndi aphunzitsi kuti chikondi pachokha n'chouma, koma sindikuona chifukwa chochichotsera. Njira imene ine ndimatsata ndi kuchifanizira ndi chinthu chooneka. Mwachitsanzo, mungalembe kuti chikondi chanu chinali ngati mtsinje wa Luangwa, kapena ngati mtengo wa mkuyu wopatsa mthunzi. Pamenepo womvera ali ndi chithunzi, ndipo liwu lanu lasungidwa.

NaPhiri_Katete

Chithunzi chilipo, koma ndi chithunzi cha mtsinje, osati cha amayi a mnzathuyu. Yesani ndi muyeso wa aphunzitsi uja: chikondi cha atate chingakhalenso ngati Luangwa, cha abusa chimodzimodzi. Komanso fanizo limabwera ndi katundu wake amene wolemba sanamuitane. Luangwa amaphwa kwambiri m'chilimwe mpaka mchenga kuonekera, amasefukira m'dzinja, ndipo muli ng'ona. Munthu wa ku Mfuwe akamva mzere umenewo sadzaganiza zimene inu mukuganiza. Sindikukana mafanizo, koma fanizo labwino limachokera m'moyo wa munthu amene akunenedwayo. Ngati mnzathuyu afuna kufanizira, ali ndi mfundo ya chitenje kale, ndipo safunika kupita kumtsinje kumene amayi ake mwina sanafikeko.

Ndionjezere kuti pali mawu ena amene amaoneka ngati ogwirika koma anatha mphamvu chifukwa chogwiritsidwa ntchito kwambiri. Misozi, mtima, duwa, nyenyezi ndi kuwala ndi zinthu zenizeni, koma munthu akamva kuti "misozi ikutsika m'masaya" saonanso tsaya la munthu aliyense. Amangomva kuti akuti chisoni. Kusintha chisoni ndi misozi ndi kusintha malaya okha.

Mlakatuli_wa_Mchini

Za ng'ona ndavomera. Koma za kuchotseratu mawu aakulu sindinavomere, ndipo ndili ndi chifukwa. Ine ndimalakatula pa zikondwerero, makamaka pa 24 Okutobala, tsiku la ufulu wa Zambia, pabwalo pamene pali anthu ambiri, mphepo ikuwomba, chimkuzamawu chikulira, ana akuthamanga. Pamalo otere munthu samva mzere uliwonse. Ndikafuula kuti "Ufulu!" anthu amayankha, amayi amaluluta, ndipo ndakatulo imakhala ndi moyo. Mukanditumiza kumeneko ndi nkhani ya tomato, ndidzalankhula ndekha. Malangizo anuwa ndi a ndakatulo za m'buku.

AphunzitsiOpuma

Pamenepo muli ndi mfundo, ndipo sindiitaya. Pabwalo liwu lobwerezedwa limagwira ntchito ya ng'oma: limasonkhanitsa anthu, limawauza pamene ayankhire. Koma onani kuti mphamvuyo ikuchokera kwa anthu ndi tsikulo, osati kwa inu. Aliyense amene angagwire chimkuzamawu pa 24 Okutobala n'kufuula liwu limenelo adzalandira nthungululu zomwezo. Funso langa ndi lakuti, akabwerera kunyumba madzulo, ndi mzere uti wa ndakatulo yanu umene angauze munthu amene sanapiteko?

GogoWaKuFotiJemisoni

Ana anga, ndilowererepo pa nkhani ya ufulu, chifukwa ine ndinalipo dzina la tauni ino lisanasinthe kuchoka pa Fort Jameson kukhala Chipata. Mu 1964 ndinali mnyamata wodziwa kale zinthu. Atate anga sankatchula ufulu kawirikawiri, ndipo sindikumbukira kuti anandifotokozerapo tanthauzo lake. Chimene ankanena ndi chitupa, chimene mwamuna wachikuda ankayenera kuyenda nacho, ndi msonkho. Ankanenanso za masitolo ena a m'matauni kumene munthu wakuda sankalowa pakhomo, koma ankaima panja n'kugulira pa kawindo, osaona n'komwe chimene akumupatsa mpaka chitakulungidwa. Iwo anagwirapo ntchito kumigodi ndipo zinawachitikira pogula nyama.

Patapita nthawi dziko litadzilamulira, ndinapita nawo kukagula nsalu ya amayi. Analowa pakhomo, ndipo anakhala nthawi yaitali akugwira nsalu iliyonse ndi zala, kuitembenuza, kuiyang'ana kudzuwa, mpaka ine ndinatopa. Sanali munthu wokonda nsalu. Ndinamvetsa nditakula kuti ankangosangalala kuti angathe kugwira chinthu asanachigule, ndiponso kuchisiya ngati sachifuna. Ana a masiku ano akalakatula za ufulu ine ndimaombera nawo m'manja, koma sindiwaona atate m'menemo. Wina atalemba za munthu wamkulu akutembenuza nsalu m'sitolo, ndikhoza kudzuka pampando.

Mlakatuli_wa_Mchini

Agogo, mwandipatsa ndime yathunthu, ndipo ndikupempha chilolezo choigwiritsa ntchito chaka chino. Komabe pa mapeto a ndimeyo ndidzafuulabe liwu lija, chifukwa ana a sukulu amene sadziwa za kawindo afunika kuuzidwa kuti nkhaniyi ndi ya chiyani.

GogoWaKuFotiJemisoni

Tengani, koma musaonjezere kuti atate analira, chifukwa sanalire.

Chikumbe_wa_Chadiza

Ine sindine wolemba, koma ndifunse. Kodi munthu angawazindikire bwanji mawu amenewa m'zolemba zake? Chifukwa polemba onse amaoneka ngati mawu abwinobwino.

NaPhiri_Katete

Chilankhulo chathu chimathandiza pang'ono, chifukwa ambiri a mawuwa amavala yunifolomu. Gulu lina limayamba ndi u, monga ufulu, umphawi, ubwino, ulemu, umodzi ndi ukapolo. Gulu lina limayamba ndi chi, ndipo ambiri anapangidwa kuchokera ku mneni, monga chikondi kuchokera ku kukonda, chiyembekezo kuchokera ku kuyembekeza, chikhulupiriro kuchokera ku kukhulupirira. Ine ndikamaliza kulemba ndimatenga pensulo n'kuzunguliza mawu onse otere. Si onse olakwa, chifukwa ufa, udzu, uchi, chimanga ndi chitseko nawonso amayamba motero ndipo ndi ogwirika, pamene mtendere ndi mantha savala yunifolomuyo koma ndi a gulu lomwelo. Muyeso womaliza ndi kufunsa ngati chinthucho ndingachione, kuchimva, kuchinunkhiza kapena kuchiika m'lichero.

Ndikapeza liwu lochokera ku mneni, ndimalibweza ku mneni wake, chifukwa mneni amakakamiza wolemba kuyankha mafunso amene dzina limabisa. Mukalemba "chiyembekezo" mwatha, palibe amene akufunsani kanthu. Mukalemba "ndinayembekeza" muyenera kunena kuti munayembekeza ndani, pati, mpaka nthawi yanji, ndipo posakhalitsa mwapezeka muli pa siteshoni ya basi dzuwa likulowa. Tilinso ndi mawu ngati zii, phee, mbuu ndi balala, amene amagwira ntchito imene mawu aakulu amalephera. "M'nyumba munali zii" akunena zambiri kuposa "kunali kusungulumwa", koma mukawaika mu mzere uliwonse ndakatulo imasanduka nthano ya ana.

Kanjala_Pamwamba

Ndiye mukutanthauza kuti ndakatulo ikhale mndandanda wa katundu? Mphika, chitenje, tomato, lichero. Zimenezo n'zolemba za kalaliki wa sitolo.

AphunzitsiOpuma

Apa a Kanjala agunda pamene pamadwala njira imeneyi. Ndinaona ophunzira ambiri amene atauzidwa kuti alembe zogwirika anadzaza ndime ndi zinthu khumi, mthiko, mbale, mpando, nyali, ndipo womvera sadziwa choti ayang'ane. Chizindikiro cha matendawa ndi chakuti mukhoza kusintha dongosolo la mizere popanda kutaya kanthu. Chinthu chimayenera kulowa m'ndakatulo ngati pali munthu amene akuchita nacho kanthu, ndipo kuchitako kukuulula zimene sananene. Mphika pawokha ulibe ntchito, koma mphika ukupalidwa usiku ndi munthu amene ananena kuti wadya kale ndiwo wanyamula ndakatulo yonse. Pa ndime ya mizere inayi, chinthu chimodzi kapena ziwiri n'zokwanira.

Matenda achiwiri ndi kulemba chinthu chimene wolemba yekha ndiye akudziwa tanthauzo lake. Mnzathuyu atalemba kuti "ndikukumbukira beseni lobiriwira" n'kusiyira pomwepo, abale ake anayi angamve, koma ena onse angodabwa. Mawu akuti "ndadya kale" akugwira ntchito chifukwa mzere womwewo wanena kale kuti ufa unachepa, choncho womvera ali ndi zonse zofunika kuti azindikire bodzalo yekha. Muziwerengera munthu amene sakudziwa banja lanu, ndipo mumufunse zimene waona, osati ngati yamusangalatsa.

MwanaWaKuKapata

Ndakhala masiku awiri ndikulembanso. Funso la zimene ndimachita ndikadutsa mu msika linandivuta, chifukwa zoona zake n'zakuti sindidutsa pa mzere wa tomato, ndimazungulira kwa ogulitsa makala ngakhale kuti ndi kutali. Pa malo a amayi pakhala mayi wina. Za chitenje ndakumbukira kuti anamasula mfundo zonse ziwiri tsiku limene anandigulira nsapato zopita nazo kusekondale, ndipo anagula zazikulu kuti ndikulire momwemo. Nayi mmene yakhalira:

Tomato wosalala munagulitsa kwa eni ndalama,
Wophwanyika ndiye anadziwa njira ya kwathu.
Ufa utachepa munati, "Ndadya kale kumsika,"
Usiku ndinamva supuni ikupala mphika.

Munamasula mfundo ya chitenje ndi mano,
Munandigulira nsapato zoposa phazi langa.
"Udzakuliramo," munatero, ndipo ndinakuliramo.
Lero ku Kapata ndimazungulira kwa amakala,
Pa malo panu pakhala mayi wina,
Chikondi chanu sindidzachiiwala.

Ndawawerengera achemwali anga aakulu pa foni. Anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati mzere wa supuni ndiusiye mmene ulili, ngakhale azakhali atadandaula.

NaPhiri_Katete

Mzere wachiwiri ndi wanu weniweni, ndipo waposa umene aphunzitsi anapereka. Koma mzere womaliza chotsani. Mwamuonetsa kale womvera munthu wamkulu akuzungulira msika kuti asaone malo a amayi ake, ndiye kumuuzanso kuti simudzaiwala ndi kubwereza ndi mawu ofooka zimene mwanena ndi mawu amphamvu. Ithere pa mayi wina uja.

Mlakatuli_wa_Mchini

Ine ndikuti usiyeni. Iyi ilakatulidwa pamanda, si ya m'magazini. Anthu afunika kudziwa kuti yatha, kuti apume ndi kuyankha, ndipo akuluakulu amayembekeza mawu otsanzika. Mukathera pa mayi wina, padzakhala zii, ndipo wina adzaganiza kuti mwaiwala mzere. Komanso pofika pamenepo liwu lija silili lopanda kanthu ngati poyamba, chifukwa mizere isanu ndi inayi yalidzaza kale.

AphunzitsiOpuma

Pa mfundo yakuti liwu lalikulu limalemera likabwera pambuyo pa umboni, a Mlakatuli akunena zoona, ndipo kusiyana kwa ndime yoyamba ija ndi iyi kuli pomwepo. Komabe ine ndikanachotsa, chifukwa zii amene akumuopayo ndi amene ndikanamufuna. Ngati pafunika mawu otsekera kuti anthu adziwe kuti yatha, akhoza kuchokera pakamwa pa amayi omwe, mwina kubweza mawu awo aja n'kuwauza kuti tsopano mukudziwa kuti sanadye. Chinanso chaching'ono: "eni ndalama" akumveka ngati mukudzudzula ogula, pamene ena a iwo adzakhalapo pa mwambowo.

MwanaWaKuKapata

"Eni ndalama" ndasintha kukhala "odutsa". Mzere womaliza ndalemba mitundu iwiri pa pepala, wa chikondi uja ndi wina wakuti "Amayi, ndinadziwa kuti simunadye." Loweruka ndikupita kwa amalume ku Mchini, ndipo ndikawawerengera yonse iwiri mokweza ndisanasankhe.

Wapanjinga

Mukatiuze umene amalumewo akasankhe. Ine ndikadali kumbali ya woyamba uja.